Mapeto a dzuwa: mafunso ndi mayankho

Kuno ku Mangochi dzuwa sitichita kulifunafuna. Mu Okutobala mchenga wa ku Chembe umawotcha mapazi 10 koloko isanakwane, ndipo usipa woyanika pa thandala umauma anthu akuona. Ndiye munthu akamva kuti dzuwa lomweli lidzatha, amaganiza kuti lidzayamba kuzirala pang'onopang'ono mpaka kuzima. Zoona zake n'zosiyana ndi zimenezo. Dzuwa lidzayamba latenthetsa, kenako lidzatupa, lidzataya pafupifupi theka la thupi lake, ndipo chotsala chidzakhala kanyenyezi kakang'ono koyera. Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene ana a sukulu ndi makolo awo amakonda kufunsa nkhaniyi ikabuka.

Kodi n'zoonadi kuti dzuwa lidzatha? Nanga lidzatha liti?

N'zoona, koma si lero kapena mawa. Dzuwa lili ndi zaka pafupifupi 4.6 biliyoni, ndipo lili chapakatikati pa moyo wake. Lipitiriza kuwala mmene tikulidziwiramu kwa zaka zina pafupifupi 5 biliyoni. Zikadzatha zimenezo lidzayamba kutupa n'kusanduka nyenyezi ya mtundu umene akatswiri amautcha chimphona chofiira, ndipo lidzafika pachimake pa kutupako patapita zaka pafupifupi 7.6 biliyoni kuchokera pano. Zotsatira zake zidzachitika mofulumirapo: pomadzakwana zaka pafupifupi 8 biliyoni, pamene panali dzuwa padzakhala patatsala kanyenyezi koyera.

Kodi dzuwa likuyaka chiyani kuti chidzathe?

Moto wa padzuwa si wa nkhuni kapena wa parafini, ndipo sufuna mpweya wa okosijeni. Dzuwa ndi chimulu cha gasi, makamaka haidirojeni ndi hiliyamu, cholemera kuwirikiza 333,000 kulemera kwa dziko lapansi. Kulemera konseko kumapanikiza pakati pa dzuwa, pamene tizipatchula kuti mtima wa dzuwa, moti pamatentha madigiri 15 miliyoni. Pa kutentha kotere maatomu a haidirojeni amagundana mwamphamvu mpaka kulumikizana: anayi amasanduka atomu imodzi ya hiliyamu. Hiliyamuyo amapepukirapo pang'ono kusiyana ndi maatomu anayi amene amupanga, ndipo kachidutswa kosowako ndi kamene kamasanduka kuwala ndi kutentha. Pa sekondi iliyonse matani pafupifupi 600 miliyoni a haidirojeni amasanduka hiliyamu, ndipo matani pafupifupi 4 miliyoni amasanduka mphamvu.

Chofunika kugwira bwino ndi ichi, chifukwa mayankho ena onse akuchokera pomwepa. M'dzuwa muli mphamvu ziwiri zolimbana. Mphamvu yokoka imafuna kukanikizira chilichonse pakati. Gasi wotentha wa mumtima amakankhira kunja. Panopa ziwirizi n'zofanana, n'chifukwa chake dzuwa silikukula kapena kuchepa moonekera. Mtima ukatenthetsa pang'ono umafufuma, ukafufuma umazizirako, moto n'kubwerera m'malo mwake. Dzuwa limadziwongolera lokha motero, ndipo nkhani yonse ya ukalamba wake ndi ya mmene kudziwongolera kumeneku kudzasokonekere.

Haidirojeni sadzatha m'dzuwa lonse ayi. Adzatha mumtima mokha, mmene muli kutentha kokwanira. Gasi wa kunja sasakanikirana ndi wa mumtima, choncho dzuwa lidzayamba kukalamba litagwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 10 a haidirojeni wake.

Ngati chakudya chake chikuchepa, bwanji likutenthera m'malo mozirala?

Chifukwa gasi amakankha malinga ndi kuchuluka kwa tizidutswa timene tili mmenemo komanso kutentha kwake. Haidirojeni akamasanduka hiliyamu, tizidutswa ta mumtima timachepa, ndiye kukankha kumafooka. Mphamvu yokoka imapezerapo mwayi n'kufinya mtimawo pang'ono. Gasi akafinyidwa amatentha, ndipo akatentha maatomu otsalawo amalumikizana mofulumira kuposa kale. Mapeto ake dzuwa limawala kwambiri.

Zimenezi zinayamba kalekale. Dzuwa litangobadwa linkawala pafupifupi 70 peresenti ya mmene likuwalira lero. Panopa kuwala kwake kumawonjezeka ndi pafupifupi 1 peresenti pa zaka 100 miliyoni zilizonse.

Ndiye kutentha kumene kwanyanya masiku anoku, ndi kusinthasintha kwa mvula, n'kukalamba kwa dzuwa?

Ayi, ndipo masamu ake ndi osavuta. Ngati kuwala kumawonjezeka ndi 1 peresenti pa zaka 100 miliyoni, ndiye kuti pa zaka 100, moyo wonse wa agogo okalambitsitsa m'mudzi, kumawonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo 100 miliyoni. Palibe munthu kapena mbewu imene ingamve kusintha kotere. Dzuwa lilinso ndi kayendedwe kena ka zaka 11, pamene madontho akuda apankhope pake amachuluka kenako n'kuchepa, koma kameneka kamasintha kuwala ndi pafupifupi 0.1 peresenti basi, n'kubwereranso. Kutentha kumene dziko lawonjezera m'zaka 100 zapitazi kwachokera ku mpweya umene anthu atulutsa powotcha malasha, mafuta ndi nkhalango.

Komanso dzuwa likamalowa lili psuu mu Seputembala ndi Okutobala, si chizindikiro choti layamba kusanduka chimphona chofiira. Umenewo ndi utsi wa moto wolusa ndi fumbi, zimene zimatchinga kuwala kwa mitundu ina n'kusiya kofiira.

Nanga dziko lathuli lidzayamba liti kuvutika?

Apa ndi pamene ambiri amadabwa. Dziko silidzadikira kuti dzuwa litupe. Moyo udzatha kale kwambiri dzuwa likadali looneka ngati la lero.

Panopa, pamwamba pa mlengalenga wathu, sikweya mita iliyonse yoyang'ana dzuwa imalandira mawati pafupifupi 1,360. Pakadzatha zaka 1 biliyoni dzuwa lidzakhala litawonjezera kuwala ndi 10 peresenti, kutanthauza mawati pafupifupi 1,500. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma madzi ndi amene adzakukulitse. Kukatentha, madzi ambiri a m'nyanja amasanduka nthunzi. Nthunzi ya madzi imasunga kutentha mumlengalenga, ndiye kumatenthanso kwambiri, madzi enanso n'kuuluka. Nthunziyo ikakwera m'mwamba kwambiri, cheza champhamvu cha dzuwa chimaiphwanya kukhala haidirojeni ndi okosijeni. Haidirojeni ndi wopepuka moti dziko silitha kumugwira, amathawira kunja osabweranso. Madzi otayika motere sabwera ngati mvula. Nyanja zikuluzikulu zonse zidzatha choncho, ndipo kuwerengera kwa akatswiri kumaika chiyambi cha zimenezi pakati pa zaka 1 biliyoni ndi 2 biliyoni kuchokera pano.

Zomera zidzayamba kuvutika madzi asanathe n'komwe, ndipo chodabwitsa n'chakuti vuto lake lidzakhala kuchepa kwa mpweya wa kaboni dayokisaidi. Kukatentha ndiponso mvula ikachuluka, miyala imafumbutuka msanga, ndipo pofumbutukapo imayamwa mpweya umenewu n'kuutsekera m'miyala ya laimu pansi pa nyanja. Zomera zimadalira mpweya womwewo popanga chakudya. Zoyamba kugonja zidzakhala za mtundu wa mpunga, chinangwa, nyemba ndi mitengo yambiri, zimene zimafuna mpweyawu wochuluka. Za mtundu wa chimanga, mapira ndi nzimbe zimatha kukhala ndi wochepa, choncho zidzapirira nthawi yotalikirapo.

Ena amafunsa za nyanja ya Malawi ndi ya Malombe. Zimenezi sizidzafika n'komwe nthawi imeneyo. Nyanja ya Malawi, ngakhale ili yakuya mamita pafupifupi 700, yakhalapo zaka mamiliyoni ochepa chabe, ndipo chigwa chimene yakhalamo chikung'ambikabe. Pa zaka 1 biliyoni makontinenti enieniwo adzakhala atasuntha n'kusintha maonekedwe.

Haidirojeni akadzatha mumtima, n'chifukwa chiyani dzuwa lidzatupe m'malo mofota?

Lidzachita zonse ziwiri nthawi imodzi: mkati mudzafota, kunja kudzatupa.

Moto ukadzazima mumtima, mudzatsala hiliyamu yekhayekha, amene sangayake pa madigiri 15 miliyoni. Popanda moto wokankha, mphamvu yokoka idzafinya mtimawo, ndipo pofinyika udzatentha kwambiri. Kutentha kumeneku kudzayatsa haidirojeni wa m'mphepete, amene wakuta mtimawo ngati chigoba. Chigobachi chidzakhala pamalo opanikizika ndiponso otentha kuposa mmene mtima ulili lero, choncho chidzayaka mwaukali. Hiliyamu amene chigoba chikupanga adzagwera pamtima, mtima udzalemera n'kufinyikanso, chigoba n'kutenthanso. Palibenso chobweza moto m'malo mwake monga zikuchitikira lero.

Mphamvu yochuluka choncho singathe kudutsa msanga m'gasi wa pamwamba, ndiye idzamukankhira kunja. Poyamba kutupako kudzayenda pang'onopang'ono, kwa zaka zoposa 1 biliyoni. Chakumapeto kudzathamanga, moti dzuwa lidzadutsa dera lonse la mapulaneti apafupi m'zaka mamiliyoni ochepa okha.

Lidzakula kufika pati?

Kuwerengera kodziwika bwino kumene akatswiri awiri, Klaus-Peter Schröder ndi Robert Connon Smith, anafalitsa mu 2008 kunapeza kuti pachimake dzuwa lidzakula kuwirikiza 256 kukula kwake kwa lero. Kuchokera pakati pa dzuwa kufika pankhope pake lero ndi makilomita 696,000. Tikachulukitsa ndi 256 tikupeza makilomita pafupifupi 178 miliyoni. Dziko lathu lili pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni.

Manambala otere savuta kuwerenga koma amavuta kuwaona m'maganizo, ndiye tiyeni pa bwalo la mpira. Ikani chimpira chotalika mita imodzi pa golo la kuno, chimenecho ndiye dzuwa la lero. Pa muyeso umenewu pulaneti la Mekyule lili pa mamita 42, kutsala pang'ono kufika pakati pa bwalo. Venasi, amene timamutcha Nthanda akamaoneka m'bandakucha, ali pa mamita 78. Dziko lathu ndi njere ya nzama imene ili pa mamita 108, kuseri pang'ono kwa golo linalo. Chimpiracho chikadzatupa chidzafika pa mamita 128 mbali zonse: bwalo lonse lidzakhala m'mimba mwake, golo lakutalilo ndi oonerera a kumeneko omwe.

Mekyule adzamezedwa, pamenepo palibe mtsutso, ndipo Venasi nayenso akuyembekezeka kumezedwa.

Akuti lidzafiira chifukwa lidzazizira. Nanga chinthu chozizira chingawale bwanji kuposa kale?

Chidzazizire ndi nkhope yokha, chifukwa mphamvu idzamwazikana pa thupi lalikulu zedi. Lero nkhope ya dzuwa ili pa madigiri pafupifupi 5,500, ndipo pa kutentha kotere kuwala kumakhala koyera. Pachimake pa kutupa idzatsika kufika pa madigiri pafupifupi 2,300, pamene kuwala kumakhala kofiirira. Koma kuwala konse kwa nyenyezi kumadalira zinthu ziwiri, kukula ndi kutentha, motere:

```
L = R² × T⁴
```

Apa L ndi kuwala, R ndi kukula, T ndi kutentha kwa nkhope, zonse poyerekeza ndi dzuwa la lero. Kutentha kumayenera kuwerengedwa pa muyeso wa kelivini, umene timaupeza powonjezera 273 pa madigiri athu a masiku onse. Dzuwa la lero lili pa makelivini 5,770, chimphona chofiira pa 2,600. Tikagawa 2,600 ndi 5,770 tikupeza 0.45. Tikachulukitsa 0.45 ndi iye mwini kanayi tikupeza 0.041, kutanthauza kuti sikweya mita iliyonse ya nkhope idzatulutsa 4 peresenti yokha ya kuwala kumene imatulutsa lero. Koma nkhopeyo idzakhala itakula: 256 kuchulukitsa ndi 256 ndi 65,536. Tsopano 65,536 kuchulukitsa ndi 0.041 zikutipatsa pafupifupi 2,700. Dzuwa lofiiralo lidzawala kuwirikiza 2,700 kuposa la lero. Pa kuwala kotere miyala ya padziko lapansi idzasungunuka, kaya dzikolo lamezedwa kaya ayi.

Ana a fomu 3 ndi 4 angathe kuyesa masamu omwewa pa nyenyezi zina. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kuiwala kuwonjezera 273: mukagawa 2,300 ndi 5,500 yankho limatuluka pafupifupi 2,000 m'malo mwa 2,700, chifukwa kachilakwiko kakang'ono kamakula kakachulukitsidwa kanayi.

Ndiye dziko lathu lidzamezedwa kapena lidzapulumuka?

Funso ili ndi limene akatswiri akulimbana nalobe, ndipo chifukwa chake n'chosangalatsa. Pali zinthu ziwiri zokokerana.

Choyamba chikuthandiza dziko. Dzuwa likatupa, nkhope yake imakhala kutali ndi pakati, ndiye mphamvu yokoka imagwira gasi wa kunjayo mofooka. Gasiyo amauluzika n'kumapita. Pofika pachimake dzuwa lidzakhala litataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Dzuwa lopepuka limakoka mapulaneti mofooka, choncho njira zawo zimatanuka. Ngati kulemera kwatsala 0.67, mtunda wa dziko ukhala 150 miliyoni kugawa ndi 0.67, amene ndi makilomita pafupifupi 224 miliyoni. Nkhope ya dzuwa idzakhala pa 178 miliyoni. Zikanathera pamenepa, dziko likanapulumuka ndi mpata wa makilomita oposa 40 miliyoni.

Chachiwiri chikulibweza. Dziko nalo limakoka dzuwa. Gasi wa chimphona chofiira ndi wotakasuka, ndiye dziko likamadutsa pafupi lidzadzutsa chotupa pankhope ya dzuwa, mofanana ndi mmene mwezi umadzutsira madzi a m'nyanja ya mchere. Dzuwa lotupalo lidzakhala likuzungulira pang'onopang'ono kwambiri, choncho chotupacho chizidzatsalira kumbuyo kwa dziko n'kumalikokera m'mbuyo. Dziko lidzataya mphamvu ya ulendo wake n'kuyamba kutsetserekera mkati. Kuwonjezera apo lidzakhala likusambira m'gasi amene dzuwa likutaya, amenenso adzalichedwetse.

Schröder ndi Smith anapeza kuti chachiwirichi chidzapambana, ndipo dziko lidzamezedwa dzuwa litatsala pang'ono kufika pachimake. Akatswiri ena, poika manambala osiyanako pa liwiro la kutaya gasi ndi pa mphamvu ya chotupa chija, amapeza kuti dziko lingathe kuzemba. Yankho lagona pa mpikisano wa ziwirizi, ndipo kusintha pang'ono nambala imodzi kumatembenuza zotsatira. Kwa ine mtsutsowu ndi wa mwala chabe, pakuti dziko lopulumukalo lidzakhala lopanda madzi, lopanda mpweya, lowaulidwa mbali zonse. Pulaneti la Mazi, limene pa bwalo lija lili pa mamita 164 ndipo nalonso lidzasunthira kutali, likuyembekezeka kutsala.

Kodi kutupako kudzatha bwanji?

Kudzatha mwadzidzidzi, ndipo chochititsa chidzakhala mumtima. Nthawi yonse imene kunja kukutupa, mtima wa hiliyamu udzakhala ukufinyika mpaka kufika pa mkhalidwe wachilendo. Maelekitironi, tizidutswa topepuka ta m'maatomu, ali ndi lamulo lawo: awiri sangakhale pamalo amodzi mu mkhalidwe wofanana. Akapanikizidwa kwambiri amakana kufinyikanso, ndipo kukana kumeneku sikudalira kutentha. Mtima wotere ukatentha sufufuma.

Kutentha kukadzafika madigiri 100 miliyoni, hiliyamu adzayaka: maatomu atatu a hiliyamu adzalumikizana kupanga kaboni, ndipo wachinayi akawonjezerapo pazipangika okosijeni. Mumtima wabwinobwino moto watsopanowu ukanafufumitsa gasi n'kudziletsa wokha. Koma mtima uwu sufufuma, ndiye kutentha kudzakwera, moto n'kukula, kutentha n'kukweranso. Kwa mphindi zochepa mtimawo udzatulutsa mphamvu kuwirikiza mabiliyoni kuposa dzuwa la lero. Kumeneku ndiye kuthwanima kwa hiliyamu.

Chodabwitsa n'chakuti woonera kunja sangaone chilichonse tsiku limenelo. Mphamvu yonseyo idzathera pa kumasula mtima uja kuti ukhalenso gasi wotha kufufuma. Mtima ukadzafufuma, chigoba cha haidirojeni chidzazizirako, ndipo dzuwa lidzaphwa. Lidzatsala lalikulu kuwirikiza pafupifupi 10 poyerekeza ndi lero, lowala kuwirikiza pafupifupi 50. Lidzakhala bata choncho kwa zaka pafupifupi 100 miliyoni zokha, chifukwa hiliyamu amapereka mphamvu yochepa kusiyana ndi haidirojeni ndipo amatha msanga.

Hiliyamu naye akadzatha?

Nkhani ija idzabwereza, koma mothamanga. Mtima, umene tsopano udzakhala wa kaboni ndi okosijeni, udzafinyika. Pozungulira pake padzayaka zigoba ziwiri, cha hiliyamu mkati ndi cha haidirojeni kunja, ndipo dzuwa lidzatupanso kachiwiri kwa zaka pafupifupi 20 miliyoni. Chigoba cha hiliyamu sichiyaka mokhazikika. Chimazima, n'kudzabukanso mwamphamvu pakapita zaka pafupifupi 100,000, ndipo dzuwa lonse limagwedezeka nacho. Pa nthawi imeneyi gasi wa kunja adzauluzika wochuluka zedi mpaka mtima udzatsala pambalambanda.

Mtima wovulidwawo udzakhala wotentha madigiri pafupifupi 100,000 pankhope pake, ndipo cheza chake chidzawalitsa gasi wotayidwa uja, amene adzaoneke ngati mtambo wozungulira wobiriwira ndi wofiira. Mtambo wotere sukhalitsa: pakatha zaka 10,000 kapena 20,000 umamwazika n'kuzimiririka. Gasiyo, pamodzi ndi fumbi lake, amasakanikirana ndi mitambo ina ya mu Mlalang'amba, imene nyenyezi zatsopano zimabadwiramo.

Kodi dzuwa silidzaphulika, kapena kusanduka dzenje lakuda?

Ayi, ndi lopepuka. Kuti kaboni ayake pamafunika madigiri oposa 500 miliyoni, ndipo dzuwa lilibe kulemera kofinya mtima wake kufika pamenepo. Nyenyezi zimene zimaphulika ndi zolemera kuwirikiza 8 kapena kuposa poyerekeza ndi dzuwa, ndipo zosiya dzenje lakuda, chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikungathawemo, ndi zolemera kuposanso pamenepo.

Kanyenyezi koyerako kadzakhala kotani?

Kadzakhala mtima uja basi, wa kaboni ndi okosijeni, wopanda moto uliwonse mkati. Kulemera kwake kudzakhala kopitirira pang'ono theka la dzuwa la lero, pafupifupi 54 peresenti, koma kukula kwake kudzangoposa dziko lapansi pang'ono. Pa bwalo la mpira paja, chimpira chimene chinameza magolo onse awiri chidzabwerera kukhala kanthu kongoposa njere ya nzama. Zinthu zolemera ngati mayiko 180,000 zikapanikizidwa m'malo ochepa choncho, supuni ya tiyi imodzi ya zinthuzo imalemera pafupifupi matani awiri.

Chokaletsa kuti kasafinyike mpaka kalekale ndi kukana kwa maelekitironi kuja, kumene sikufuna moto. N'chifukwa chake kanyenyezi koyera kamatha kuzizira osachepa msinkhu. Kukana kumeneku kuli ndi malire ake, amene Subrahmanyan Chandrasekhar wa ku Indiya anawawerengera mu 1930 ali mnyamata wa zaka 19: kanyenyezi koyera sikangapose kulemera kwa dzuwa kuwirikiza pafupifupi 1.4. Kathu kadzakhala kutali kwambiri ndi malire amenewo. Tinyenyezi tina toyera timaphulika chifukwa timayamwa gasi wa nyenyezi inzake yoyandikana nayo mpaka kuyandikira malirewo, koma dzuwa lilibe mnzake woti lidzamuyamwe.

Palibe amene anakhalapo zaka mabiliyoni. Akatswiriwa akudziwa bwanji zonsezi?

Amadziwa chifukwa kumwamba kuli nyenyezi zofanana ndi dzuwa pa misinkhu yonse, zina zazing'ono kwa ilo, zina zokalamba kale. Amawerengera mmene nyenyezi ya kulemera kwakuti iyenera kusinthira, kenako amayerekeza ndi zimene zikuoneka, makamaka m'magulu a nyenyezi zobadwira pamodzi. M'gulu lotere zaka n'zofanana, chosiyana ndi kulemera kokha, ndipo chimene chimapezeka nthawi zonse n'chakuti zolemera zimayamba kutupa, zopepuka zikadali bwinobwino.

Zina mwa nyenyezi zimenezi mungazione ndi maso anu kuno komwe, makamaka m'mbali mwa nyanja kutali ndi magetsi a pa boma, kapena kumtunda ku Namwera. Mu Juni, cha m'ma 8 koloko usiku, yang'anani kumpoto m'mwamba ndithu: nyenyezi yowala kwambiri yofiirira ngati lalanje ndi Akitulasi. Kulemera kwake n'kofanana pafupifupi ndi kwa dzuwa, koma ndi yokalamba, ndipo yatupa kale kuwirikiza 25. Imeneyo ili pa njira yomwe dzuwa lidzadutse. Mu Disembala ndi Januwale, mitambo ikapereka mpata, pezani Nsangwe ndi Akamwiniatsatana. Pakati pa ziwirizi pali nyenyezi yofiirira, Alidebarani, imene yatupa kuwirikiza pafupifupi 44.

Samalani, si nyenyezi yofiira iliyonse imene ikuonetsa tsogolo la dzuwa. Antaresi, imene imakhala pafupifupi pamutu madzulo a mu Julayi, ndi Betelijuzi ya pafupi ndi Akamwiniatsatana, ndi zolemera kuwirikiza koposa 10, ndipo zimenezo zidzaphulika.

Kanyenyezi koyera n'kovuta kukaona. Nyenyezi yowala kuposa zonse usiku, Siriyasi, imadutsa pafupifupi pamutu penipeni kuno ku Mangochi madzulo a mu Febuluwale. Mu 1844 Friedrich Bessel anaona kuti ikuyenda mokhotakhota, ngati pali china chosaoneka chimene chikuikoka. Mu 1862 Alvan Graham Clark, poyesa telesikopu yatsopano, anakaona kanthuko. Ndi kanyenyezi koyera kolemera ngati dzuwa lathu koma kochepa ngati dziko lapansi, kamene kamazungulirana ndi Siriyasi pa zaka 50 zilizonse. Ndi maso okha simungakaone, chifukwa mnzakeyo amawala kuposa iko kuwirikiza pafupifupi 10,000.

Pambuyo pake n'chiyani? Nanga mapulaneti otsalawo?

Kanyenyeziko kadzangokhala kakuzizira. Poyamba kadzazizira msanga, kenako pang'onopang'ono zedi, chifukwa nkhope yake yotayira kutentha ndi yaing'ono. Mtundu wake udzachoka pa kuyera kupita ku chikasu, kenako kufiira. Mkati mwake kaboni ndi okosijeni zidzauma n'kukhala zolimba, kuyambira pakati kupita kunja, ndipo mu 2019 akatswiri anapeza umboni wa kuuma kotereku pa tinyenyezi toyera tambirimbiri timene chombo cha Gaia chinayeza. Kuti kazimiretu n'kukhala kakuda padzatenga nthawi yaitali kuposa zaka 13.8 biliyoni zimene chilengedwe chonse chakhalapo, choncho kanyenyezi kozimiratu kotere sikanapangikebe kulikonse.

Mapulaneti opulumuka adzapitiriza kuzungulira. Popeza kulemera kwa pakati kudzakhala kutatsika ndi pafupifupi theka, mitunda yawo idzawirikiza pafupifupi kawiri: Jupita, amene lero ali pa makilomita 778 miliyoni, adzakhala pa mtunda woposa 1.4 biliyoni. Kuti pulaneti lalikulu lingapulumuke imfa ya nyenyezi yake zinaoneka kale, pakuti mu 2020 kunapezeka pulaneti la msinkhu wa Jupita likuzungulira kanyenyezi koyera.

Timiyala ting'onoting'ono ndi timene tidzaone zakuda. Njira za mapulaneti zikasintha, miyala ina imakankhidwira pafupi ndi kanyenyezi koyera, kamene kamaiphwanya ndi mphamvu yake yokoka, fumbi lake n'kugwera pankhope pake. Pa kanyenyezi kotere zinthu zolemera zimamira msanga, choncho nkhope imayenera kukhala ya haidirojeni kapena hiliyamu yekha. Koma akatswiri akasanthula kuwala kwa tinyenyezi toyera, amapeza chitsulo, kashiyamu ndi maginiziyamu pa kamodzi mwa tinayi tilitonse, mwinanso kuposa apo, zimene zikusonyeza kuti miyala ikugwerapobe.